Kuletsa Makalata Osafunika a pa Imelo: Ndi Ati Oyankha, Ndi Ati Ongotaya?

Munthu amene wakhala ndi keyala imodzi ya imelo kwa zaka khumi amadziwa mmene bokosi lake limadzazira. M'mawa uliwonse amapezamo makalata otsatsa malonda, ena ochokera kumalo amene iye analembetsako kalekale naiwala, ena ochokera kwa anthu amene sanawamvepo chibadwire. Pansi pa pafupifupi kalata iliyonse pamakhala liwu lakuti `Unsubscribe`, kutanthauza kuti amene watopa nawo makalatawo adinepo kuti amchotse m'kaundula. Komatu liwu limenelo lili ngati khomo loti ena amatulukirapo mwamtendere pamene ena amakodwapo mumsampha.

Chifukwa chake nchakuti otumiza makalata achinyengo, amene ambiri amawatcha sipamu, kawirikawiri sadziwa ngati keyala imene ali nayo idakagwirabe ntchito. Makeyalawo amawatola pa intaneti, amawagula kwa anzawo, kapena amangowalota. Mwa makeyala zikwizikwi amenewo ambiri ndi akufa, eni ake anawasiya kale. Chimene iwo amafunitsitsa ndicho chizindikiro chakuti kuseri kwa keyala yakutiyakuti kuli munthu wamoyo amene amawerenga. Tsono ulalo umene uli pansi pa liwu lija umakhala ndi nambala yakeyake ya munthu aliyense, monga `example.com/unsub?id=48213`. Nambala yakumapetoyo ndi dzina la wolandira kalatayo m'buku la wotumiza. Munthu akangodinapo, ngakhale asalembe kanthu, makina a wotumiza amalemba kuti 48213 ali moyo. Wamalonda woona mtima amafufuta dzinalo. Wachinyengo amaliika pa mndandanda wa makeyala amtengo wapatali, ndipo makalata amachuluka m'malo mochepa.

Motero funso loyamba si lakuti kalata ikukwiyitsa motani, koma lakuti: kodi wotumizayu anapeza bwanji keyalayi?

Chitsanzo ndi cha mphunzitsi wa kusekondale amene watsimikiza mtima kusesa bokosi lake tsiku Loweruka. Kalata yoyamba ndi ya sitolo ya mabuku kumene anagulako buku pa intaneti zaka zapitazo. Iye akulemba dzina la sitoloyo pamalo ofufuzira makalata, ndipo akupeza risiti la bukulo. Akuyerekeza mbali ya keyala ya wotumiza imene imabwera pambuyo pa chizindikiro cha @, ndipo akuona kuti ya pa risiti ndi ya pa kalata yalero nzofanana chilembo ndi chilembo. Apa palibe chobisa, pakuti sitoloyo ikuidziwa kale keyala yake, ndipo iye ndiye anaipereka ndi manja ake. Kudziletsa kumeneku nkoyenera.

Ngakhale zili choncho, njira yabwino si kuthamangira ulalo wa pansi pa kalata. Mu Gmail, pafupi ndi dzina la wotumiza pamwamba pa kalata, pamaoneka batani lina lolembedwanso `Unsubscribe`. Limeneli ndi la Gmail yemwe, ndipo limagwiritsa ntchito mzere wobisika wa pamutu pa kalata wotchedwa `List-Unsubscribe`. Nthawi zambiri munthu akalidina, Gmail ndiye amapereka pempholo m'malo mwake, popanda kumtsegulira tsamba lachilendo. M'chaka cha 2024 makampani a Google ndi Yahoo anayamba kukakamiza otumiza makalata ochuluka kuti aziika njira imeneyi, ndi kuti azichotsa munthu pasanathe masiku awiri. Kwa Google lamuloli limakhudza amene amatumiza makalata oposa 5,000 patsiku kwa anthu a Gmail. Ku Amereka kulinso lamulo la 2003 lotchedwa CAN-SPAM, limene limapatsa wamalonda masiku khumi ogwira ntchito, ndipo limamletsa kulipiritsa munthu kapena kumfunsa zina zambiri kuposa keyala yake. Chotero kalata imodzi kapena ziwiri zikafikabe sabata yomweyo si chinthu chodetsa nkhawa. Zikapitirira milungu iwiri, wotumizayo wadzionetsa yekha khalidwe lake.

Kalata yachiwiri ikulonjeza ngongole yopanda chikole, ndipo mphunzitsiyo sanamvepo za eni ake. Iyi siyofunika kuiganizira nthawi yaitali. Sadinapo paliponse, sayankha ngakhale ndi mawu aukali, pakuti yankho lililonse ndi umboni womwe uja umene iwo akuufuna. Amangosankha `Report spam`. Kalatayo imapita m'thumba la `Spam`, mmene Gmail amaifufuta yekha pakatha masiku 30, ndipo zosefera zimaphunzira kuzindikira anzake.

Pali chinthu china chimene ambiri sachidziwa, nacho nchakuti kalata ingathe kuulula mwini keyala iye asanadine kalikonse. Mkati mwake mumabisidwa kachithunzi kakang'ono ngati kadontho, kosaoneka ndi maso, kamene kalinso ndi nambala ya wolandira. Kalata ikatsegulidwa, foni imakaitanitsa kachithunziko kwa wotumiza, ndipo iye amadziwa kuti kalata yawerengedwa. Mankhwala ake ali m'makonzedwe a Gmail, pa gawo la zithunzi, pamene munthu amasankha `Ask before displaying external images`. Akatero zithunzi sizitsika kufikira iye atalola, ndipo kwa amene amagula bando ya intaneti ya tsiku ndi tsiku phindu lina nlakuti bandoyo imachedwa kutha.

Kalata yachitatu ndiyo yovuta, ndipo ndi pamene ochenjera omwe amapunthwa. Ikuchokera ku kabungwe kolengeza mwayi wa maphunziro akunja kumene mphunzitsiyo analembetsadi ali kukoleji. Kabungweko kanakhala chete zaka zisanu, ndipo mwadzidzidzi kayambanso kulemba. Dzina ndi lomwe lija, chizindikiro chake ndi chomwe chija, choncho mtima umati awa ndi odziwika. Koma dzina la malo a pa intaneti limachita kubwerekedwa ndi kulipiridwa chaka ndi chaka. Eni ake akaleka kulipira, munthu wina aliyense angathe kuligula. Makaundula akale nawonso amabedwa kapena kugulitsidwa bungwe likatha. Kukumbukira kuti analembetsa sikokwanira ayi.

Apa mphunzitsiyo akufufuza kalata yakale yomulandira, nayerekezanso mbali ya pambuyo pa @. Kenaka akuika chala pa ulalowo nachisiya pomwepo kanthawi osachotsa, kuti foni imuonetse kumene ulalowo ukupita popanda kuutsegula. Pa kompyuta amangoimika kalozera pamwamba pake. Nzoona kuti mabungwe ambiri olongosoka amatumiza makalata kudzera m'makampani ena monga Mailchimp, kotero dzina losiyana palokha silitsutsa munthu. Koma pa kalata iyi zizindikiro zawunjikana: keyala yasintha chilembo chimodzi, nkhani zake tsopano ndi zopempha ndalama zolembetsera, ndipo batani la Gmail lija silikuoneka. Kalata yotere imatsata njira ya kalata yachiwiri ija. Kulakwitsa mbali imeneyi nkotsika mtengo, chifukwa ngati kabungweko kanali koona, chimene chatayika ndi makalata amene iye sanali kuwafuna kale.

Nanga amene wadina kale asanamve zonsezi? Ngati tsamba linangotseguka iye nalitseka, chimene chachitika nchakuti keyala yake yadziwika, ndipo ayembekezere makalata ochulukirapo kwa kanthawi, amene aziwaponya ku `Spam` mmodzimmodzi. Koma ngati tsambalo linamfunsa mawu achinsinsi a imelo yake iye nalemba, asagone asanawasinthe, pamodzi ndi malo ena onse kumene anagwiritsa ntchito mawu omwewo. Tsamba loona lochotsera dzina lingathe kufunsa keyala, koma silifunsa mawu achinsinsi a imelo, nambala ya kubanki, kapena nambala yachinsinsi ya ndalama za pa foni.