Ndalama za Loweruka: kuwerengera malipiro a wantchito wapakhomo wolandira patsiku

Mikangano yambiri ya bwana ndi wantchito wapakhomo imabuka Loweruka masana, ntchito itatha, ndalama zili m'manja. Wina akuti zaperewera, wina akuti zakwana, ndipo nthawi zambiri palibe amene akunama. Gwero lake ndi loti mu envulopu imodzi mwalowa zinthu zitatu zosiyana, malipiro a ntchito, ndalama ya minibasi ndi ndalama yodulidwa ya chakudya, koma onse awiri akuziwerenga ngati chinthu chimodzi. Sabata imene wantchito wabwera masiku onse palibe amene amaona cholakwika. Chimaonekera sabata imene wajomba tsiku limodzi.

Tiyerekeze kuti mayi wina amakhala ku Bangwe ndipo amagwira ntchito pakhomo lina ku Namiwawa, mumzinda wa Blantyre. Amachapa, kusita, kukolopa ndi kuphika kuyambira Lolemba mpaka Loweruka. Anapangana ndi abwana ake kuti azilandira K5,000 patsiku limene wagwira ntchito, azibwezeredwa K3,000 patsiku ya minibasi popita ndi pobwerera, ndipo azidulidwa K700 tsiku lililonse limene wadya nsima ya masana pakhomopo. Loweruka amaweruka nsima isanapse, koma anagwirizana kuti tsikulo liziwerengedwa lathunthu. Ndalamazi ndi zongoyerekezera, pakuti mtengo wa minibasi umasintha mafuta akangokwera, koma kawerengedwe kake sikasintha.

Sabata ina mayiyu anapempha kuti Lachitatu aperekeze mwana kuchipatala cha Gulupu. Abwana anamulola, koma anati tsikulo salipira. Loweruka alandire zingati?

Poyambira ndi masiku amene wagwira ntchito, osati masiku a pakalendala. Wagwira masiku asanu, choncho malipiro ake ndi K25,000. Kenako tiwerenge mbale za nsima zimene wadyadi. Lolemba, Lachiwiri, Lachinayi ndi Lachisanu ndi mbale zinayi, zomwe ndi K2,800. Tikachotsa pa K25,000 patsala K22,200, ndipo awa ndiwo malipiro enieni a sabatayo. Ya minibasi imabwera pomaliza, payokha: maulendo a masiku asanu ndi K15,000. Zonse pamodzi mu envulopu muyenera kukhala K37,200. Ngati abwana amapereka ya minibasi tsiku ndi tsiku, monga amachitira ambiri chifukwa wantchito sangakwanitse kudzilipirira sabata yonse, ndiye kuti Loweruka patsala K22,200 yokha.

Ambiri sawerenga chonchi. Amayambira pa ndalama imene anazolowera kupereka sabata yathunthu, yomwe pano ndi K44,500, n'kumachotsapo za tsiku lojomba. Njirayi si yolakwika, koma ndi mmene mumalowera chinyengo chosadziwa. Abwana amakumbukira kuchotsa K5,000 ya ntchito ndi K3,000 ya minibasi, n'kupeza K36,500. Aiwala kuti mu K44,500 muja anali atadula kale nsima ya Lachitatu, imene mayiyu sanadye. K700 ija iyenera kubwerera. Kwa wolemba ntchito ndi ndalama yochepa, koma kwa mayi wa ku Bangwe ndi tomato ndi mchere wa tsikulo, ndipo iye ndiye amaikumbukira.

Nkhani ya tsiku losalipidwa ili ndi mbali zingapo zimene anthu amaziphatikiza. Lamulungu ndi tsiku lopuma. Lamulo la zantchito la m'dziko muno, Employment Act ya chaka cha 2000, silola kuti munthu agwire ntchito masiku oposa asanu ndi limodzi otsatizana osapuma maola 24. Wolandira patsiku salandira kanthu pa Lamulungu chifukwa sanagwire ntchito, komanso palibe chomudula. Zikuoneka zosavuta, koma taonani zimene zimachitika wina akatenga malipiro apamwezi n'kuwasandutsa apatsiku. Boma litakweza malipiro ochepetsetsa m'chaka cha 2025, a wantchito wapakhomo anafika pa K72,800 pamwezi, kuchoka pa K52,000 ya chaka cha 2024. Ndalama imeneyi imagawidwa ndi masiku 26 ogwira ntchito, ndiye patsiku ndi K2,800. Bwana amene wagawa ndi 30 apeza pafupifupi K2,427 patsiku, ndipo akamalipira masiku asanu ndi limodzi okha pasabata, pakutha pa mwezi wantchito watenga pafupifupi K63,100. Wadulidwa Lamulungu lililonse popanda amene watchula mawu oti kudula. Malipiro ochepetsetsawa amasinthidwa nthawi ndi nthawi, choncho pokonza pangano ndi bwino kufunsa ku ofesi ya leba ya m'boma lanu kuti pano ali pati.

Lamulungu lomwelo likakhala ndi alendo, mayi n'kuitanidwa kuti adzathandize kuphika, silikhalanso tsiku wamba. Lamulo lija limati ntchito ya pa tsiku lopuma ilipidwe kawiri. Kwa mayi wathu ndi K10,000, kuphatikiza ya minibasi ya tsikulo. Kumupatsa mpunga wotsala ndi nkhuku kuti akadye ndi ana ndi ulemu wabwino, koma si malipiro.

Palinso tsiku limene wantchito sanapemphe. Wafika pageti m'mawa, wapeza potseka, abwana anapita kumudzi kumaliro osamuuza. Kapena waimbiridwa foni ali kale mu Limbe kuti, "Lero musabwere, anti, madzi asiya." Ambiri amaliwerenga ngati tsiku lojomba, koma ine sindikuona chilungamo chake. Iye wadzuka, wakwera minibasi, wasiya maganyu ena amene akanapeza. Ya minibasi iyenera kubwezedwa mosakambirana, ndipo malipiro a tsikulo ndi oyenera kuperekedwa pokhapokha ngati anauzidwa dzulo lake. Mfundo imeneyi ndi yofunika kuikamba tsiku loyamba ntchito, mitima ili pansi.

Pa ndalama ya minibasi ndi pamene pamabisala zambiri. Mawu oti "ndizikupatsani K5,000 patsiku, zonse pamodzi ndi thiransipoti" amamveka owolowa manja, chifukwa K5,000 ndi yoposa K2,800. Koma mayi wa ku Bangwe akapereka K3,000 kwa makondakitala, watsala ndi K2,000. Akadulidwanso nsima, ntchito ya tsiku lonse wagwirira K1,300. Papepala walipidwa bwino, m'chikwama mulibe kanthu. N'chifukwa chake poyesa ngati malipiro ndi okwanira, ya minibasi iyenera kuikidwa pambali kaye. Ndi ndalama yongodutsa m'manja mwa wantchito popita kwa mwini minibasi.

Kuilemba payokha kumathandizanso mitengo ikasintha. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mafuta anakwera, ndipo minibasi nazo zinakwera mtengo nthawi yomweyo. Pakhomo pamene ya minibasi inali yolembedwa payokha, panangofunika kufunsa mtengo watsopano n'kusintha nambala imodzi. Pamene zinali zophatikiza, kukwera konseko kunadya malipiro a wantchito mwakachetechete, mpaka tsiku limene anayamba kufika mochedwa chifukwa akuyenda pansi gawo lina la ulendo.

Nanga akasankha yekha kuyenda pansi kuti asunge ndalamayo? Abwana ena amakwiya akamva, amati anamizidwa. Apa zimatengera mawu a pangano. Ngati munati K3,000 patsiku limene wabwera, ndalamayo ndi yake, ndipo miyendo ndi yakenso, bola afike nthawi yake. M'minibasi simuperekedwa lisiti, choncho pangano loti "ndizibweza zimene wagwiritsadi ntchito" limangobala kufunsana mafunso kosatha. Ndalama yokhazikika patsiku ndiyo yosavuta. Koma ulendo wotumidwa kumsika wa Limbe kukagula ndiwo, kapena kabaza wokatenga mwana kusukulu, ndi wa pakhomopo, ndipo suyenera kutuluka mu K3,000 ija.

Kudula ya chakudya ndiye nkhani imene imakhudza mtima. M'makomo ambiri kuno wantchito amadya nawo basi, ndipo kumulipiritsa nsima imene waphika yekha kumaoneka ngati umbombo. Komabe alipo amene amadula, makamaka ufa ukakwera mtengo miyezi ya Januwale ndi Febuluwale. Lamulo silipatsa bwana ufulu wongodula malipiro mmene wafunira. Kupatula zimene boma kapena khoti lalamula, zodula zimafuna chilolezo cholembedwa cha wantchito, ndipo zonse pamodzi zisapose theka la malipiro ake. Ndiye ngati kudula nsima sikunakambidwe poyamba, sikungayambe Loweruka lino chifukwa abwana aona kuti thumba la chimanga latha msanga.

Ngati mwagwirizana, mtengo wake ukhale wa zinthu zimene zalowa m'mbale: ufa, ndiwo, kamafuta ndi makala pang'ono. Usakhale mtengo wa pa lesitilanti, chifukwa wophika ndi wotsuka mbale ndi yemwe akudulidwayo. Mkute wa dzulo umene ukanatayidwa suyenera kuwerengedwa. Ndipo wantchito akhale ndi ufulu wonena kuti, "Mayi, ine ndizibwera ndi mbatata yanga," osadulidwa kanthu. Chakudya chimene munthu sangathe kuchikana koma akuchilipira, kumeneko ndi kutsitsa malipiro chabe. Malire ena ndi malipiro ochepetsetsa aja. Mayi wathu akadulidwa K700 pa K5,000 amatsala ndi K4,300, yomwe ili pamwamba pa K2,800. Koma amene akulandira K2,800 yeniyeniyo alibe poti n'kudulapo, ndipo bwana wanzeru sangayese.

Zonsezi zimakwana m'kope la masamu la mwana wasukulu. Tsamba limodzi sabata imodzi, mzere umodzi tsiku limodzi, ndipo pamzerepo palembedwe ngati wabwera, ngati wadya, ndi ya minibasi imene wapatsidwa kale m'manja. Adivansi ilembedwe tsiku limene yaperekedwa, pamodzi ndi kabwezedwe kake, kuti ngongole ya K20,000 isadzameze malipiro a sabata imodzi. Loweruka onse awiri awerenge limodzi, wantchito asayine kapena adinde chala, ndipo ngati ali ndi foni yojambula ajambule tsambalo. Lamulo limafuna kuti wolandira patsiku apatsidwe ndondomeko yosonyeza zimene wapeza ndi zimene wadulidwa. Nkhani ikafika ku leba kapena ku Industrial Relations Court, kope lotere limathandiza onse awiri, pakuti popanda ilo pamangotsala mawu a uyu ndi mawu a uyo.

Otumiza pa Airtel Money kapena TNM Mpamba akumbukire yotapira. Mayi amene watumiziridwa K37,200 ndendende sangatulutse yonseyo kwa ejenti, ndiye ndalama yotapira iwonjezedwe pamwamba ndi kulembedwa m'kope pamzere wakewake.