Phazi Likagunda Pansi, Phokoso Limveke Pomwepo

Mukamasewera gemu pafoni, n'kumva mapazi a msilikali akuti gu! gu!, dziwani kuti wina anachita kusankha nthawi yeniyeni yoti phokosolo limveke. Kuyenda kwa msilikaliyo ndi zithunzi zotsatizana, zotchedwa mafulemu. Tinene kuti masitepe awiri akutenga sekondi imodzi, ya mafulemu 30. Phazi lamanzere likugunda pansi pa fulemu 8, lamanja pa 23.

Mu pulogalamu ya Unity, wopanga gemu amatsegula windo la Animation, n'kuyendetsa zithunzizo pang'onopang'ono mpaka chidendene chikhudze nthaka. Pamenepo amadina Add Event, n'kusankha dzina la lamulo limene analemba kale, monga PlayFootstep. Lamulolo liyenera kukhala pa chinthu chomwecho chimene chili ndi Animator. Likakhala pena, Unity imadandaula kuti palibe wolandira uthengawo, msilikali n'kumayenda mwakachetechete ngati mphaka.

Nkhonya ndiye imafuna zizindikiro ziwiri. Choyamba chimayatsa kabokosi kosaoneka kozungulira chibakera, mwina pa fulemu 12, chachiwiri n'kukazimitsa pa 16. Mdani akakhudza kabokosiko m'kanthawi kameneka, wamenyedwa.

Vuto limabwera womenyayo akadukizidwa pa fulemu 14, mwina naye walandira chibakera. Chizindikiro chozimitsa sichifikidwa, kabokosi kamatsala koyaka, ndipo adani amangogwa akamuyandikira, iye manja ali m'chiuno. N'chifukwa chake amisiri ochenjera amalembanso lamulo lozimitsa kabokosiko nthawi iliyonse nkhonya ikasiyidwa panjira.