Kusinthana mashifiti popanda kusiya wodi yopanda anthu

Kusinthana shifiti ndi pamene wantchito wapempha mnzake kuti amugwirire tsiku lake, iye n'kudzamubwezera tsiku lina. Zimachitika m'masitolo, m'mafakitale ndi kwa alonda, koma zimaoneka bwino kwambiri mu wodi ya amayi oyembekezera, kumene kusowa kwa munthu mmodzi usiku kukhoza kutayitsa moyo. Awiri osinthanawo amangoona masiku awo awiri. Mkulu wa wodi ayenera kuona rosta yonse, chifukwa kusinthana kosalongosoka sikutseka mpata, kumangousunthira tsiku lina.

Choyamba ndi kudziwa kuti shifiti iliyonse imafuna anthu angati komanso a luso lanji. Ngati usiku umafuna anthu atatu, mmodzi mwa iwo kukhala mzamba wodziwa kuthandiza mayi amene akutaya magazi atangobereka, mzamba ameneyo sangasinthane ndi namwino amene wangoyamba kumene ntchito. Pa pepala mayina adzakwanabe atatu, koma wodi idzakhala ilibe munthu amene imamudalira. N'chifukwa chake rosta yabwino imakhala ndi chizindikiro pa dzina la wotsogolera shifiti, ndipo iyeyo amasinthana ndi wofanana naye basi.

Chachiwiri ndi nthawi yopuma, ndipo apa ndi pamene ambiri amaphonya. Mwachitsanzo, mu wodi ina mashifiti ndi a maola 12: wamasana amayamba 7 koloko m'mawa, wausiku 7 koloko madzulo. Mzamba wina ali pa shifiti ya usiku Lachinayi, koma akufuna kupita ku chinkhoswe cha mng'ono wake kumudzi. Mnzake wavomera kumugwirira usikuwo kuti adzabwezeredwe Loweruka usiku. Onse ndi azamba, onse akondwa. Koma rosta ikuonetsa kuti wovomerayo alinso pa shifiti ya masana Lachisanu. Akaweruka 7 koloko m'mawa, ndiyo nthawi yomweyo imene akuyenera kuyambanso. Ndiye kuti agwire maola 24 osagona, kuyeza mankhwala maso ali lendelende, kapena apite kunyumba n'kusiya Lachisanu lopanda mzamba. Zonsezi n'zosavomerezeka.

Mkulu wa wodi wanzeru sangokana n'kusiya nkhaniyo pomwepo. Amayang'ana mzamba wina amene akupuma Lachinayi ndi Lachisanu, koma ali pa usiku wa Loweruka. Ameneyo akavomera, amatenga Lachinayi, wopemphayo n'kutenga Loweruka, malinga ngati iye alibe ntchito Loweruka masana kapena Lamlungu m'mawa. Lamulo lake n'losavuta: pa aliyense mwa awiriwo, aone shifiti yam'mbuyo ndi yam'tsogolo mwa tsiku limene walandira.

Palinso nkhani ya maola a pa sabata. Ku Malawi, lamulo la ntchito la mu 2000 limaika malire a maola 48 pa sabata osawerengera ovataimu, ndipo sililola munthu kugwira masiku opitirira asanu ndi limodzi otsatizana osapuma maola 24. Pa mashifiti a maola 12, anayi okha akwanitsa maola 48. Ngati wogwirira mnzake adzabwezeredwa sabata yamawa, sabata ino wagwira mashifiti asanu, maola 60, ndipo maola 12 owonjezerawo akhoza kufuna malipiro amene palibe anawakonzera. Kusinthana kumayenda bwino kukathera m'sabata imodzi.

Zonsezi zimafuna kuti zilembedwe. Pempho lifike masiku awiri kapena atatu tsikulo lisanakwane, litchule masiku onse awiri, onse osinthana asayine, mkulu wa wodi avomereze n'kusintha rosta ya pa khoma nthawi yomweyo. Izi zisanachitike, shifiti idakali ya mwini wake. Zikachitika, amene akajomba adzafunsidwe ndi woilandirayo. Mgwirizano wa pa WhatsApp kapena wa pakhonde suteteza aliyense, chifukwa usiku ukafika wina amati "ndimayesa mumanena Lachinayi la sabata yamawa". Shifiti imene yasinthidwa kale isasinthidwenso popanda pempho latsopano, popeza ikadutsa m'manja mwa anthu atatu sadziwikanso mwini wake.

Maliro ndi matenda adzidzidzi ndi nkhani ina. Munthu woferedwa asakakamizidwe kuimba mafoni kufunafuna womugwirira. Imeneyo ndi ntchito ya mkulu wa wodi, amene amaitana wa lokamu kapena wina amene anaikidwiratu kukhala tcheru tsiku limenelo.

Buku la zosinthana limaululanso zambiri likawerengedwa pakutha pa mwezi. Ngati dzina limodzi, kawirikawiri la wamng'ono woopa kukanira akuluakulu, ndilo likulandira mausiku onse a Loweruka, munthuyo akuponderezedwa ndipo posachedwa adwala kapena asiya ntchito. Ngati shifiti imodzi ikuthawidwa mwezi ndi mwezi, monga yoweruka nthawi imene minibasi zasiya kuyenda, vuto lili pa rosta yeniyeniyo, ndipo maola ake kapena mayendedwe a ogwira ntchitowo ndiwo ofunika kukonzedwa.