Kudziwa ngati intigiro ili ndi malire popanda kuiwerengera

Ophunzira amene mumakonda masamu, makamaka inu mukulakalaka kukapitiriza ku Mzuni, mudzakumana ndi funso ngati ili: ∫₁^∞ e^(−x²) dx. Intigiro imeneyi ikuyeza malo a pansi pa mzere wa girafu, kuyambira pa x = 1 kupita kumanja osalekeza. Kodi kukula kwa malowo kuli ndi malire?

Mwachizolowezi timafunafuna fankishoni imene derivetivu yake ndi e^(−x²). Musataye nthawi pamayeso: singalembedwe ndi mafankishoni a m'kalasi. M'malo mwake tiyerekeze. Dimba limene lili m'kati mwa munda wa ekala imodzi silingapose ekala, ngakhale musaliyeze.

Pamene x ≥ 1, x² ≥ x, choncho 0 < e^(−x²) ≤ e^(−x). Ya e^(−x) ndi yosavuta: kuyambira pa 1 imapereka 1/e, pafupifupi 0.37. Ndiye kuti yathu ili ndi malire, ndipo siposa 0.37. Kuyerekeza sikutiuza yankho lenileni, limene ndi pafupifupi 0.14.

Ambiri amagwa posankha choyerekezera. Intigiro ya 1/x kuyambira pa 1 imakula mpaka kalekale, choncho kukhala pansi pake sikutsimikiza kanthu: 1/x² ili pansi pake ndipo imapereka 1, koma 1/(2x), imene ilinso pansi pake, ilibe malire. 1/x imathandiza pokhapokha fankishoni yanu ili pamwamba pake, monga 1/√x: imeneyonso ilibe malire. Musanayerekeze, onetsetsani kuti mafankishoni onse awiri satsika pansi pa 0.