Pulobeshoni Ikatalikitsidwa, Kalata Inene Chiyani?

Miyezi isanu ndi umodzi yatsala pang'ono kutha, ndipo mwini sitolo ya zipangizo zaulimi akukayikabe. Kalaliki wake watsopano ndi wokhulupirika, sanasowetsepo ndi tambala yomwe, koma lipoti la ndalama la pamwezi limafika mochedwa. Kumuchotsa kungakhale kutaya munthu wabwino, komanso kumukhazikitsa pa ntchito nthawi yake sinakwane. Apa ndi pamene bwana amawonjezera nthawi yoyesedwa pa ntchito, ija timati pulobeshoni.

Mabwana ambiri amangolemba kuti, "Ntchito yanu sikutikhutiritsa, tawonjezera miyezi itatu." Kalata yotere ndi yaulesi. Mnyamata uja akaiwerenga adziwa kuti bwana sakukondwa, koma sadziwa choti akonze Lolemba m'mawa.

Chifukwa chiyenera kukhala chinthu choti munthu angaloze ndi chala. Bwana alembe kuti lipoti limafunika pofika pa 5 mwezi uliwonse, koma la Marichi linafika pa 14, la Epulo pa 19, ndipo kawiri konse malisiti sanagwirizane ndi zomwe zinali m'buku. Atchulenso tsiku limene anakambirana naye za vutoli. Ngati sanakambiranepo, kalatayo ikhala ngati chiwembu, ndipo wolakwa ndi bwanayo.

Zofunika kukwaniritsa zituluke m'chifukwa chomwecho. Osalemba kuti "muzilimbikira", pakuti kulimbikira kulibe sikelo. Alembe kuti: "M'miyezi itatu ikubwerayi, lipoti lililonse lizifika pofika pa 5, ndipo malisiti ndi buku zizigwirizana Lachisanu lililonse musanaweruke." Zinthu ziwiri kapena zitatu zakwana. Ndinaonapo kalata ya zofuna khumi ndi ziwiri, ndipo aliyense mu ofesimo anadziwa kuti munthuyo akungomusakira chifukwa. Bwana alonjezenso mbali yake: ndani adzakhale naye pansi kumuphunzitsa, ndipo azikumana liti kuti aone pamene afika.

Masiku nawo ngofunika kuwasamala. Kalata iperekedwe pulobeshoni yoyamba isanathe, chifukwa ikachedwa, wantchito angathe kunena kuti anakhazikika kale, nkhani n'kukathera ku Industrial Relations Court. Itchule tsiku lenileni loyambira ndi lothera. Lamulo la ntchito m'Malawi, Employment Act ya 2000, limati pulobeshoni ya wantchito waluso isapitirire miyezi 12, choncho 6 kuphatikiza 3 ili m'malire, koma amene wayesedwa kale chaka chathunthu simungamuwonjezere ngakhale sabata.

Kumapeto kalata inene poyera kuti akakwaniritsa adzakhazikitsidwa, akalephera ntchito ingathe kutha. Pansi pakhale malo oti asaine kuti walandira ndi kuvomera kusintha kwa mgwirizanowo, ndi mizere ingapo yoti alembepo mbali yake. Mwina pamenepo bwana adzamva koyamba kuti malisiti a ku nthambi ina amafika pa desiki ya mnyamatayo pa 10.