Nkhope Yomata pa Chithunzi: Chifukwa Chake Imaonekera, ndi Mmene Amaifananitsira

Pa chithunzi cha banja chojambulidwa pakhonde, aliyense waoneka bwino kupatula bambo, amene anaphethira nthawi yomwe kamera imajambula. Ana amwazikana kale kubwerera kumene amakhala, ndiye kujambulanso sikutheka. Wokonza zithunzi pa kompyuta akuti palibe vuto, atenga nkhope ya bambo pa chithunzi china cha pa phwando la ukwati n'kuiika pamenepo. Adula bwinobwino, makutu ali m'malo mwake, kukula kwa mutu kwagwirizana ndi mapewa. Koma aliyense woona chithunzicho akungofunsa kuti, “Kodi bambo amadwala?” Nkhope yatuluka yachikasu pamene khosi ndi manja zili zoderako.

Anthu ambiri amaganiza kuti luso la ntchitoyi lagona pa kudula. Kudula n'kosavuta. Chimene chimaulula nkhope yomata ndi mtundu, ndipo mtunduwo umachokera ku zinthu ziwiri zosiyana zimene wophunzira amazisokoneza: khungu la munthuyo, ndi kuwala kumene kunagwera pa khungulo.

Tiyambe ndi kuwala. Maso athu amatinyenga, chifukwa malaya oyera timawaona oyera kaya tili panja masana kaya tili m'nyumba usiku. Ubongo umakonza wokha. Kamera nayo imayesa kukonza, koma kawirikawiri imaperewera. Akatswiri amayeza mtundu wa kuwala ndi muyeso wa Kelvin, umene amaulemba ndi chilembo K. Kandulo imakhala cha m'ma 1900 K, ndipo kuwala kwake n'kofiirira. Babu lakale lija lotentha likayaka limakhala pakati pa 2700 K ndi 3200 K, lachikasu. Dzuwa la masana ndi fulashi ya kamera zimakhala cha m'ma 5500 K. Kunja kukachita mitambo nambala imafika cha m'ma 6500 K, ndipo mumthunzi tsiku lopanda mitambo imadutsa 7000 K, chifukwa chimene chimawalitsa mumthunzi si dzuwa koma thambo labuluu. Nambala ikatsika kuwala kumapendekera ku chikasu, ikakwera kumapendekera ku buluu. Machubu aatali a m'maofesi ndi m'makalasi ali ndi vuto lawolawo, amawonjezera kubiriwira.

Nkhope ya bambo ija inajambulidwa m'holo, pansi pa mababu achikasu. Thupi lawo linajambulidwa pakhonde, mumthunzi. Munthu ndi yemweyo, khungu ndi lomwelo, koma kuwala kwasiyana ndi zikwi zingapo za K.

Wokonza wodziwa ntchito sayamba ndi mtundu. Amayamba waufafaniza. Mu Photoshop amaika leya ya Black & White pamwamba pa zonse kuti chithunzi chikhale chakuda ndi choyera chabe, kenako amayang'ana ngati nkhope ikuwala kuposa khosi ndi manja. Mtundu umasokoneza maso: nkhope yowala kwambiri munthu amatha kuiona ngati yachikasu, n'kuyamba kuthira buluu pamene vuto silinali pamenepo. Ikakhala yowala, amaika leya ya Curves pamwamba pa nkhope yomatayo n'kuimangirira ndi Ctrl+Alt+G, kuti zosintha zigwire nkhope yokha osati chithunzi chonse. Amatsitsa mzere wa Curves mpaka malo owala, apakati ndi amdima a nkhope agwirizane ndi a thupi. Akakhutira amazimitsa Black & White ija.

Tsopano ndiye amayeza mtundu, ndipo amayeza ndi manambala osati ndi maso. Kadontho kalikonse ka chithunzi pa kompyuta ndi msanganizo wa mitundu itatu: wofiira, wobiriwira ndi wabuluu, imene pulogalamu imaionetsa ngati R, G ndi B, uliwonse kuyambira 0 mpaka 255. Pa khungu la munthu lojambulidwa pa kuwala kwabwino, kaya ndi wakuda bii kaya ndi woyera, R imaposa G ndipo G imaposa B. Chimasiyana ndi kukula kwa manambala ndi mipata yake. Akatsegula Info ndi batani la F8 n'kuyendetsa Eyedropper pa tsaya, manambala atatuwo amaonekera. Pa Sample Size asankhe 11 by 11 Average, chifukwa khungu lili ndi timabowo ndi timadontho, ndipo kadontho kamodzi kakhoza kukhala ka chiphuphu.

Apa pali msampha: kuyeza pati? Khosi la pansi pa chibwano lili mumthunzi wa mutu, ndiye nthawi zonse limaderapo. Chikhatho n'choyererako kuposa thupi lonse. Milomo ndi nsonga ya mphuno zimafiirirako. Malo abwino ndi tsaya lopanda kunyezimira, kuliyerekeza ndi kunja kwa dzanja kapena mbali ya khosi imene yalandira kuwala mofanana. Ngati khutu lenileni la pa chithunzi cha pakhonde latsala, ndi mboni yabwino kwambiri.

Tiyerekeze kuti tsaya la nkhope yomata lapereka R 128, G 84, B 50, pamene kunja kwa dzanja la bambo kwapereka R 118, G 84, B 72. G yafanana, ndipo sizodabwitsa, popeza wobiriwira ndi umene umanyamula mbali yaikulu ya kuwala kumene tafananitsa kale. R yapitirira ndi 10, B yaperewera ndi 22. Buluu akachepa chikasu chimachuluka, ndiye matenda a bambo aja ndi amenewa. Pa leya ina ya Curves amasankha Red, n'kuika kadontho pa mzere, Input 128, Output 118. Amasankha Blue, Input 50, Output 72. Green samukhudza. Nthawi yomweyo nkhope imakhazikika pa khosi.

Ambiri amalekera pomwepa, ndipo m'pamene chithunzi cha munthu wakhungu lakuda chimawaulula. Kuwala kukagwera pa khungu, kwina kumalowa mkati pang'ono n'kubwerera kutatenga mtundu wa khungulo. Kwina kumanjanja pamwamba penipeni, pa mafuta ndi thukuta, ndipo kumabwerera ndi mtundu wa nyali imene yawalitsa. Pa khungu lakuda mbali yoyambayo ndi yochepa chifukwa khungu limamwa kuwala kwambiri, choncho kunyezimira kwa pa chipumi, pamphuno ndi pamwamba pa masaya kumaonekera kwambiri. Pamenepo nkhope imakhala ngati galasi loonetsa kumene munthu anaima. Mumthunzi wa pakhonde, zipumi za ana ndi mayi zikunyezimira motuwa, mopendekera ku buluu. Chipumi cha bambo chikunyezimirabe chikasu cha m'holo, ngakhale tsaya lakonzedwa. Ndiye kuyeza kuja kumafunika katatu: pakati, ponyezimira, ndi pamdima monga pansi pa chibwano. Ponyezimira, muyeso autenge pa chipumi cha munthu amene waima pafupi, chifukwa apa tikutsata kuwala osati khungu. Mzere wa Blue umathera ndi timadontho titatu, ndipo ka pamwamba nthawi zambiri ndi kamene kamasuntha kwambiri.

Pamdima pamakhalanso nkhani ya zovala. Munthu wovala malaya ofiira amakhala ndi kufiira pansi pa chibwano, woima pa kapinga amakhala ndi kubiriwira. Ngati ku ukwati bambo anavala malaya apinki koma pakhonde avala oyera, kufiira kwa pansi pa chibwanoko kulibenso gwero. Amakuchotsa pamalo pomwepo ndi burashi yofewa pa leya imene yaikidwa pa Color, yomwe imasintha mtundu popanda kuwononga kuwala ndi mthunzi. Opacity ya 15% kapena 20% imakwana, kubwereza kangapo.

Photoshop ili ndi njira yachidule, Image > Adjustments > Match Color, ndipo imathandiza poyambira ngati wasankha khungu lokha mbali zonse ziwiri. Ukaisiya iwerenge chithunzi chonse, imatenga avereji ya khoma, kapinga ndi zitenje n'kuipaka pankhope. Ine ndimaiona ngati yongoyambira, Curves ndiyo imamaliza. Amene alibe Photoshop, GIMP ndi yaulere ndipo ili ndi Colors > Curves yogwira ntchito mofanana.

Zonsezi zayenda chifukwa nkhope ndi thupi n'za munthu mmodzi. Nkhani imasintha thupi likakhala la wina, monga zimachitikira pokonza chithunzi cha pa pologalamu ya maliro, pamene abale apeza nkhope yokha ya malemu ndipo akufuna aoneke atavala suti. Mwini thupilo akhoza kukhala woyererako kapena woderako. Ukafananitsa tsaya ndi dzanja la mlendoyo, wasintha khungu la malemu, ndipo achibale adzakana kuti uyu si iyeyu ngakhale sangathe kufotokoza chalakwika. Apa kuwala kokha ndiko kuyenera kusintha pankhope. Njira yake ndi kufufuza chinthu choyera kapena chotuwa pa chithunzi chimene nkhope ikuchokera, monga kolala ya malaya, musanadule. Chinthu choyeradi chimapereka R, G ndi B zoyandikana. Kolala ikapereka R 225, G 200, B 150, chikasu chonsecho n'cha nyali. Kudina pamenepo ndi kachipangizo kapakati mwa titatu ta mu Curves kumachichotsa, ndipo khungu lenileni la munthuyo limaonekera. Mano ndi choyera cha m'diso sizodalirika, chifukwa mwachibadwa zimakhala ndi kachikasu kapena kufiira. Kenako nkhope imapatsidwa mtundu wa kuwala kwa pa chithunzi cha suti, poona mmene kolala ya kumeneko ikuonekera. Zikatha izi, khosi ndi manja a mwini suti ndi zimene zimasinthidwa kuti zitsatire nkhope. Ndipo chithunzi chotere achibale ayenera kudziwa kuti n'chokonzedwa. Kuika nkhope ya munthu pa thupi la wina iye kapena abale ake osavomera ndi nkhani ina, ya chinyengo.

Kuti adziwe ngati wamaliza, wokonza amaika leya ya Hue/Saturation pamwamba pa zonse n'kukweza Saturation mopyola muyeso. Chithunzi chimanyansa, koma kusiyana kobisika kumafuula: nkhope imasanduka yaolenji, khosi lofiirira, mzere wa pakati n'kuoneka poyera. Amachepetsanso chithunzi mpaka chikhale ngati sitampu, popeza mutu womata umaonekera msanga uli patali kusiyana ndi pafupi. Zizindikiro za kupyola muyeso nazo n'zodziwika. Buluu akachuluka khungu lakuda limachita mbuu, R ikatsika kwambiri nkhope imabiriwira, ndipo G ikachepa imapendekera ku pepo.

Pali zina zimene mtundu sungachize. Ngati kuwala kukuchokera kumanzere pa nkhope zonse koma pa nkhope yomata kukuchokera kumanja, mithunzi ya mphuno imatsutsana. Kutembenuza nkhope kumakonza mthunzi koma kumasamutsa chipsera kapena dzino loguluka kupita mbali ina. Fulashi ya foni yowombera pafupi imasiya chigamba choyera pa chipumi, ndipo pamene R, G ndi B zonse zafika 255 palibe khungu lotsala loti ulibweze, ukatsitsa pamangotuwa. Chithunzi chimene chayenda kangapo pa WhatsApp chimafika chitafinyidwa, ndipo ukakweza buluu ndi 22 ngati tachitira muja, timabokosi ta mitundu timatulukira m'masaya. Zikatero ndi bwino kubwerera kwa eni chithunzi kukapempha china, makamaka chojambulidwa panja pamthunzi, ndipo achitumize ngati Document kuti chifike chosafinyidwa.