Ankolo Amenewa Ndi a Mbali Iti?

Womasulira mabuku akalembera kalata mlembi, ambiri amaganiza kuti Chingerezi chamukanika. Kawirikawiri mawu ovuta amawapeza mu dikishonale. Chomwe chimamugoneka ndi mutu ndi timawu todziwika kwa aliyense.

Tiyerekeze kuti akumasulira buku la Chingerezi lonena za mtsikana wamasiye amene akuleredwa ndi ankolo ake. Mzungu akatero wamaliza. Koma m'Chichewa munthuyu ayenera kukhala ndi mbali. Ngati ndi mlongo wa mayi, ndi amalume kapena atsibweni, mwini mbumba, ndipo mwana wawo ndi msuweni wa mtsikanayo. Ngati ndi mbale wa bambo, ndi bambo aang'ono kapena aakulu, ndipo mwana wawo wamwamuna ndi mlongo wake. Tsono patsogolo m'bukumo mtsikana uja akuyamba kukondana ndi mnyamata wa pakhomopo. Ndi msuweni, owerenga angomwetulira, poti chisuweni timachidziwa. Ndi mlongo wake, amenewo ndi malaulo, ndipo nkhani yasanduka ina imene mlembi sanailoteko.

Apa mpamene womasulira amatenga cholembera. Wozolowera ntchito sathamanga. Amayamba wamasulira buku lonse, chifukwa yankho la funso la pa tsamba 12 limatha kubisala pa tsamba 140. Mafunso otsalawo amawaika m'kalata imodzi, lililonse ndi tsamba lake ndi mzere wake. Limodzi lingamveke chonchi: "Tsamba 12, mzere wa 7. Kodi ankolowa ndi a kuchimuna kapena kuchikazi? M'chinenero chathu sindingathe kuzemba. Ndikapanda kumva kwa inu, ndilemba kuti amalume." Chiganizo chomalizacho chimathandiza kwambiri, chifukwa alembi ena amayankha patapita miyezi, osindikiza ali pakhosi.

Funso lofunsa kuti "munkatanthauza chiyani pamenepa?" ndi lomwe ine ndimaliona lopanda pake. Mlembi amakubwezera masamba awiri a nzeru zakuya, iwe ukufuna liwu limodzi. Mpatseni njira ziwiri asankhepo.

Mayankho nawo amadabwitsa. Wina amavomera kuti sanaganizepo n'komwe, nkusankha pomwepo. Wina amati anasiya dala kuti pakhale chimbuuzi, ndiye womasulira ayenera kusaka njira yosungira chimbuuzicho, mwina polemba kuti "mbale wa makolo ake", ngakhale kuti zikumveka zolemera pakamwa. Nthawi zina funso limavumbula cholakwa: munthu amene anali mchimwene wamkulu m'mutu woyamba wasanduka mng'ono m'mutu wachisanu, akonzi onse osaona.

Mlembi wa ku Germany, Günter Grass, anapeza njira yake. Kuyambira mu 1978, buku lake latsopano likatuluka ankasonkhanitsa omasulira a m'zinenero zosiyanasiyana, nkukhala nawo masiku angapo akuyenda m'bukumo tsamba ndi tsamba, aliyense akufunsa zake pamaso.